Phunziro: Kuyala mbiri pa mzere wa nthawi

Munthu akamakamba mbiri satsata zaka mwandondomeko. Amatha kuyamba ndi chisankho cha 1994, n'kubwerera ku 1992, kenaka n'kukumbukira za mu 1993. Womvera amatuluka ndi nkhani zambiri, koma osadziwa kuti chinayamba n'chiti, nanga chinabala chinzake n'chiti. Mzere wa nthawi umathetsa vuto limeneli. Tiyeni tiupange pogwiritsa ntchito nkhani imene ambiri muno mu Mzuzu anaiona ndi maso: kutha kwa ulamuliro wa chipani chimodzi.

Pamene mphunzitsi akulankhula, musalimbane ndi kulemba mawu ake onse. Tcherani khutu ku zinthu zitatu: zinachitika liti, chinachitika n'chiyani, anachita ndani. Chochitika chilichonse chikhale pa kapepala kakekake. Ngati tsiku silinatchulidwe, lembani mwezi kapena chaka chokha. Musapeke tsiku.

Tinene kuti mwatuluka ndi timapepala tisanu ndi kamodzi. Tiyaleni pamphasa, kuyambira kakale kwambiri:

8 Malichi 1992: kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma iwerengedwa m'matchalitchi.
Epulo 1992: Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, athamangitsidwa m'dziko.
Meyi 1992: mayiko othandiza Malawi aimitsa thandizo la chitukuko.
14 Juni 1993: riferendamu, ambiri asankha zipani zambiri.
Disembala 1993: asilikali alanda zida Apayoniya pa Opareshoni Bwezani.
17 Meyi 1994: chisankho; a Bakili Muluzi apambana.

Tsopano jambulani mzere wautali papepala lalikulu, muugawe zigawo zitatu zofanana: 1992, 1993 ndi 1994. Ikani chochitika chilichonse pamalo pake. Muona kuti zitatu zoyamba zathithikana pamodzi, kenaka pali danga loposa chaka. Dangalo likufunsa funso: kodi pakatipa panachitikanji? Kafunseni mphunzitsi. Adzakuuzani kuti mu Okutobala 1992 a Kamuzu Banda analengeza kuti kudzakhala riferendamu. Kapepala kameneko kanasowa, ndipo mzere ndiwo wakuululirani.

Ntchito yeniyeni ndi ya mivi. Muvi umachoka pa choyambitsa n'kuloza chotsatira chake. Musanaujambule, yesani kunena chiganizo chokhala ndi mawu oti "chifukwa cha". Monsinyo Roche anathamangitsidwa chifukwa cha kalata ija: boma linkawaganizira kuti anatengapo mbali yaikulu polemba kalatayo. Chiganizochi chili ndi umboni, choncho jambulani muvi. A Banda analola riferendamu chifukwa cha chiyani? Apa mivi ndi ingapo. Wina ukuchokera pa kalata, imene inalimbitsa anthu mtima kuti ayambe kulankhula poyera. Wina ukuchokera pa kuimitsidwa kwa thandizo, kumene kunasautsa boma pa zachuma. Chinthu chachikulu sichikhala ndi choyambitsa chimodzi.

Pali msampha umene ambiri amakodwamo. Amaganiza kuti chinthu chikabwera pambuyo pa chinzake, ndiye kuti chabadwa kuchokera kwa chinzakecho. Tambala amalira kusanache, koma si iye amatulutsa dzuwa. Taonani Opareshoni Bwezani. Pamzere wathu ili pambuyo pa riferendamu, ndipo dzanja limafuna kujambula muvi wowongoka kuchokera pamenepo. Koma chimene chinautsa asilikali chinachitika muno mu Mzuzu, kumayambiriro kwa Disembala 1993, pamene Apayoniya anawombera ndi kupha asilikali. Patangopita masiku ochepa, asilikali anayamba kuthira nkhondo malo a Apayoniya. Chochitika chimenechi chiyenera kapepala kake, ndipo muvi wolimba uchokere pamenepo.

Kodi riferendamu ilibe mbali? Ili nayo. Inafooketsa chipani cha Kongeresi, ndipo nkhani yolanda zida Apayoniya inali itayamba kale kukambidwa. Komanso kusamvana kwa asilikali ndi Apayoniya kunali kwa zaka zambiri. Zoterezi ndi zoyambitsa zakutali. Zisonyezeni ndi muvi wodukizadukiza, ndipo udani wa zaka zambiriwo muulembe pansi pa mzere, popeza ulibe tsiku limodzi. Ine ndimaona kuti mzere wopanda zoyambitsa zakutali umanamiza, chifukwa umaonetsa ngati dziko linasintha ndi mkangano wa tsiku limodzi.

Mukamaliza, yesani mzere wanu. Muvi uliwonse uloze kutsogolo, chifukwa za mu 1994 sizingayambitse za mu 1992. Muvi ukaloza kumbuyo, ndiye kuti mwalakwitsa chaka kapena mwasokoneza choyambitsa ndi chotsatira.

Ntchito yanu ndi iyi: pezani munthu wamkulu amene anali ku Chibavi, ku Katoto kapena ku Zolozolo m'zaka zimenezo. Akufotokozereni zimene anaona, mulembe timapepala tisanu, mutiyale pamzere, ndipo mubwere nato m'kalasi kuti tidzayese mivi yanu pamodzi.