Nkhani Yovuta: Lamya, Uthenga Wapafoni Kapena Imelo?

Tiyerekeze kuti tili pa ntchito yoyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina m'chigwa cha Domasi. Mtsikana wa Fomu 2 wajomba milungu iwiri, ndipo anzake akunong'onezana kuti ndi woyembekezera. Kodi makolo ake tiwafikire motani?

Choyamba tidziwitse mphunzitsi wamkulu, pakuti nkhani yotere siyendetsedwa ndi wophunzira uphunzitsi yekha. Akatiloleza, tisathamangire WhatsApp. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo imagona kwa wotchaja pamsika, monga pa Songani. Timizere tiwiri tabuluu timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, sititchula amene wawerenga. Komanso mawu akuti "Bwerani mawa, pali nkhani" alibe nkhope. Kholo lingaganize kuti mwana wachotsedwa sukulu, nkumukalipira usiku womwewo.

Motero tiimbe lamya. Tikapereka moni, tifunse kuti, "Kodi ndikulankhula ndi mayi ake? Muli poti tingalankhule momasuka?" Akakhala chete kapena mawu akanjenjemera, tidziwa kuti tifatse. Za mimba tisatchule, popeza ndi mphekesera chabe. Tinene za kujombako, ndipo tipangane tsiku lokumana, pamene tidzawafotokozera, ngati kudzafunika, kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akachira.

Imelo ibwere pomaliza, yopita kwa mphunzitsi wamkulu yekha. Tilembemo masiku amene mwana anajomba, tsiku limene tinaimba, ndi zimene tinagwirizana. Cholembedwa chimasungika ndipo chimatumizidwa kwina; chotero tisalembe chimene sitingachinene makolo ali pomwepo.