Imelo Yasiya Kulowa Pafoni Koma Deta Ilipo: Poyambira ndi Pati?

Mukudikira kalata yokuitanani ku mayeso a ntchito, WhatsApp ikulira bwinobwino, koma mu Gmail uthenga womaliza ndi wa sabata yatha. Musathamangire kwa okonza mafoni. Yambani mwafufuza komwe kalatayo yatsakamira, ndipo njira yake ndi yosavuta: tsegulani Chrome, lembani mail.google.com, lowani mu akaunti yanu.

Ngati tsambalo likukana kutseguka, onani bandulo yomwe mwagula. Mabandulo ena ndi a WhatsApp kapena Facebook basi, sanyamula imelo. Izi zimapusitsa anthu ambiri, chifukwa foni imaoneka ngati ili pa intaneti.

Tsamba likatseguka n'kupeza kuti makalata atsopano alimo, ndiye kuti vuto lili m'foni momwemo. Kawirikawiri foni imakhala yasiya kukatenga yokha makalata. Mu Gmail dinani timizere titatu tapamwamba kumanzere, pitani pa Settings, sankhani akaunti yanu, ndipo onetsetsani kuti pa Sync Gmail pali chongera. Kenako pitani ku Settings ya foni, pa Accounts, muyatse Auto-sync. Mawu ake amasiyanako pakati pa Tecno, Itel ndi Samsung, koma mawu akuti sync mudzawaona ndithu.

Nthawi zambiri timazimitsa sync tokha pofuna kusunga deta ndi batire, zomwe n'zomveka poti zonsezi n'zandalama. Koma Data Saver ndi Battery Saver zimaletsa Gmail kugwira ntchito pamene simunaitsegule. Chizindikiro chake n'chakuti makalata amabwera mulu pokhapokha mukatsegula Gmail n'kukokera chala pansi. Simukuyenera kuzimitsa zonse. Pitani pa Settings, Apps, Gmail, muyatse Background data ndi Unrestricted data usage za Gmail yokha.

Choopsa kwambiri ndi pamene ngakhale pa Chrome mulibe kalata yatsopano. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ndipo malowa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Kuyambira mu 2024, zomwe WhatsApp ya pa Android imasungitsa ku Drive nazonso zimadya malo omwewa, choncho mavidiyo a m'magulu a tchalitchi ndi a pabanja amatha kuwadzaza inu osadziwa. Malo akatha, Gmail imakana makalata. Onani malo otsala pa one.google.com/storage. Kuti mupeze makalata olemera, lembani izi pofufuzira mu Gmail:

```
larger:10M
```

Fufutani osafunika, kenako mukhuthule Trash, chifukwa zomwe zili mmenemo zimawerengedwabe mpaka patatha masiku 30.

Dziwaninso kuti kalata yomwe inakanidwa malo atadzaza imabwerera kwa mwini wake. Mukakonza malo, musangokhala n'kumadikira. Imbirani omwe mukuyembekezera uthenga wawo, muwapemphe mwaulemu kuti atumizenso.