Kubwereketsa boma ndalama: yang'anani masiku, osati peresenti yokha

Wamalonda amene wagulitsa katundu wake yense ndipo akudikira nyengo yokapikula wina amakhala ndi ndalama yongokhala kwa miyezi ingapo. Njira ina yoisungira ndi kuibwereketsa ku boma. Boma limabwereka kwa anthu, mabanki ndi makampani kudzera ku banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi, ndipo ngongoleyi ili mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndi wa nthawi yochepa, umene a ku banki amautcha tirezhare bilu. Mabilu alipo a masiku 91, a masiku 182 ndi a masiku 364. Mtundu wachiwiri ndi bondi, imene kuno imadziwikanso kuti tirezhare noti, ndipo imakhala ya zaka 2, 3, 5, 7 kapena 10. Tsiku limene boma limabweza ndalama limatchedwa tsiku lokhwima.

Phindu la bilu limabwera bwanji

Bilu salipira chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi. Munthu amaigula pamtengo wotsika, ndipo ikakhwima amalandira mtengo wathunthu wolembedwa pa biluyo. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndiye phindu.

Mwachitsanzo, mayi wogulitsa mtedza pa msika wa Mchesi ku Lilongwe wamaliza katundu wake mu Januwale, ndipo akufuna kudzapita ku Mchinji kukagula mtedza watsopano mu Meyi. Pa 15 Januwale wagula bilu ya masiku 91 yolembedwa K1,000,000, pa chiwongoladzanja cha 16 peresenti. Mayiyu salipira miliyoni yonse ayi, amalipira pafupifupi K961,640. Biluyo idzakhwima pakati pa Epulo, ndipo phindu lake lidzakhala K38,360.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Akamva 16 peresenti amawerengera kuti miliyoni ibereka K160,000. Koma peresenti imene imalengezedwa ndi ya chaka chathunthu, pomwe ndalama ya mayiyu yakhala ku boma kwa miyezi itatu yokha. Kawerengedwe kake ndi kotere: ndalama imene walipira aichulukitse ndi peresenti, kenako ndi masiku a bilu, ndipo zotsatirazo azigawe ndi masiku 365. Pa miyezi itatu, 16 peresenti ya pachaka imatsala pafupifupi 4 peresenti.

Pali msonkho umene umadulidwa pa chiwongoladzanja ndalama isanafike kwa mwini wake, ndipo ndi 20 peresenti ya phindulo. Pa K38,360 msonkho ndi K7,672, choncho mayiyu atsala ndi phindu la K30,688. Imeneyi ndiyo nambala yoyenera kuiyerekeza ndi zimene akanapeza ku banki mkhonde kapena pa akaunti yotsekera ku banki.

Tsiku lokhwima ligwirizane ndi nyengo ya malonda

Kawirikawiri bilu ya masiku ambiri imakhala ndi peresenti yokwera, ndipo zimenezi zimakopa. Mayi uja akanasankha ya masiku 182, ikanakhwima pakati pa Julayi, mtedza wotchipa wa pokolola utagulidwa kale ndi anzake. Phindu loonjezera la biluyo silingabweze zimene wataya pophonya msika. Wamalonda ayambe wawerenga tsiku limene adzafune mpamba wake, kenako asankhe bilu yokhwima tsikulo lisanafike.

Boma silibweza ndalama tsiku lisanakwane. Amene wapanikizika amayenera kugulitsa bilu yake ku banki kapena kwa wogula wina, pamtengo umene wogulayo wavomera. Mwachitsanzo, bilu ya masiku 364 yolembedwa K1,000,000, pa 26 peresenti, imagulidwa pafupifupi K794,100, ndipo woidikira mpaka kumapeto amapindula K205,900 msonkho usanadulidwe. Koma akaigulitsa pakati pa ulendo, patatsala masiku 182, kwa wogula wofuna 30 peresenti, alandira pafupifupi K869,900. Phindu lake ndi K75,800 yokha, losafika theka la limene amayembekezera. Chiwongoladzanja chikakwera pamsika, mtengo wa bilu kapena bondi yakale umatsika, chifukwa wogula angathe kupeza yatsopano yolipira bwino.

Bondi ili ndi maperesenti awiri

Bondi imasiyana ndi bilu chifukwa imalipira chiwongoladzanja miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo mpamba umabwezedwa pa tsiku lokhwima. Chiwongoladzanja chimenechi chimatchedwa kuponi, ndipo chimawerengedwa pa mtengo wolembedwa pa bondiyo. Bondi ya zaka ziwiri yolembedwa K1,000,000, ya kuponi ya 10 peresenti, imalipira K50,000 kanayi msonkho usanadulidwe, ndipo pamodzi ndi malipiro omalizawo pamabwera miliyoni yathunthu.

Peresenti yachiwiri ndi ya phindu lonse. Ngati bondi yomweyo yagulidwa pa K750,000, mwini wake amalandirabe makuponi a K50,000, komanso pamapeto amapindula K250,000 ya kusiyana kwa mitengo. N'chifukwa chake phindu lolengezedwa limatha kukhala lokwera kwambiri kuposa kuponi. Koma gawo lalikulu la phinduli limabwera kumapeto. Amene akufuna bondi kuti izimulipirira lendi ya shopu kapena fizi ya ana ayang'ane kuponi, poti ndiyo imalowa m'thumba chaka chili mkati.

Kagulidwe kake

Mabilu amagulitsidwa pa okushoni imene kawirikawiri imachitika sabata iliyonse, pomwe mabondi amatsatira kalendala imene banki yaikulu imalengeza. Wosunga wamba amadzera ku banki yake kapena ku kampani yovomerezeka yogulitsa masheya. Kumeneko amaonetsa chiphaso cha unzika, amalemba fomu yonena mtundu wa bilu ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo ndalamayo imachotsedwa mu akaunti yake. Peresenti yeniyeni imadziwika okushoni ikatha, choncho ya sabata yatha imangopereka chithunzithunzi.

Akagula, wamalonda alandire chikalata chotsimikiza, ndipo aonepo zinthu zinayi: mtengo umene walipira, mtengo wolembedwa, peresenti ndi tsiku lokhwima. Afunsenso ndalama imene banki idule pa ntchitoyi, ndipo anene momveka ngati akufuna kuti ikakhwima ilowe mu akaunti kapena igulirenso bilu ina. Munthu wouza wamalonda kuti atumize ndalama pa nambala ya foni yake kuti akamugulire bilu, kapena wolonjeza phindu la sabata ndi sabata m'dzina la boma, ndi wakuba.

Zimene bilu singateteze

Boma likabweza, limabweza makwacha amene linalonjeza, osati katundu amene makwachawo amagula. Pa bilu ya 26 peresenti ija, msonkho ukadulidwa pamatsala K164,720, imene ndi pafupifupi 21 peresenti ya ndalama imene munthu analipira. M'miyezi yambiri ya chaka cha 2024, kukwera mitengo kwa zinthu m'dziko muno kunali kopitirira 30 peresenti. M'chaka chotere ndalama imachuluka papepala koma imagula matumba ochepa kuposa poyamba. Ogula katundu ku Tanzania kapena ku Joni akukumbukiranso Novembala 2023, pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Choncho bilu ndi yoyenera ndalama imene ikanangokhala m'nyumba kapena pa akaunti yosabereka kanthu, osati mpamba umene ukuzungulira bwino pa benchi. Kwa mayi wa ku Mchesi uja, K30,688 ingathandize pa thiransipoti ya ku Mchinji, ndipo mpamba wake ufika pakati pa Epulo, msika wa mtedza usanatenthe.