Kujambula Fulotchati ya Kuthandiza Khanda Kupuma

Aphunzitsi akamaphunzitsa za khanda lobadwa losalira, satsatira ndondomeko ya manja. Amayamba ndi zifukwa, wina n'kufunsa funso, iwo n'kubwerera m'mbuyo, n'kudzakumbukira za zipangizo phunziro likutha. Notsi zanu zimatuluka chimodzimodzi. Koma kuchipinda chochilira, kaya ku Nkhoma kaya pachipatala chachikulu cha Dedza, khanda lomwe silikupuma liyenera kukhala litayamba kupopedwa mpweya mphindi imodzi isanathe. Fulotchati ndi chithunzi cha mabokosi ndi mivi chomwe chimabwezera notsi mu ndondomeko ya manja. Tiyeni tijambule ya phunziro la Helping Babies Breathe, lomwe linayamba mu 2010.

1. Patulani zochita. Werengani notsi tsiku lomwelo, mawu a aphunzitsi akadali m'makutu. Lembani mzere pansi pa chilichonse chomwe manja anu adzachite: pukuta, chotsa nsalu yonyowa, sisita msana, manga ndi kudula mchombo, popa mpweya. Zofotokoza chifukwa zisiyeni m'kope. Mwachitsanzo, mfundo yakuti khanda lonyowa limazizidwa msanga njofunika, makamaka kuno ku Chimbiya m'miyezi ya Juni ndi Julayi, koma m'bokosi mungolemba kuti "Pukuta, sintha chitenje".

2. Pezani mafunso musanajambule bokosi lililonse. Apa ndiye pagona nkhani. Paliponse pomwe aphunzitsi anati "ngati" kapena "akapanda", pali mphambano. M'phunziro ili mafunso aakulu ndi awa: Kodi akulira? Akupuma bwino atasisitidwa? Chifuwa chikukwera popopa? Wayamba kupuma yekha? Mtima ukugunda mokwanira? Funso lililonse liyankhike ndi "inde" kapena "ayi". Lakuti "Mwana ali bwanji?" silithandiza, chifukwa silikuuzani kolowera.

3. Jambulani msana wake. Tengani pepala lalikulu, ngakhale kuseri kwa kalendala yakale, ndi pensulo. Zochita zikhale m'mabokosi wamba, mafunso m'mabokosi osongoka. Pamwamba penipeni ikani kukonzekera: kusamba m'manja, kupeza wothandiza, kuyesa ngati ambubagi ikugwira ntchito. Kenako "Wabadwa", "Pukuta", ndi funso loyamba. Mayankho otsogolera ku vuto azitsika pansi, abwino azipatukira kumanja. Mwana akalira, muvi wakumanja ukuti: mufunditseni pachifuwa pa mayi ake, onani kapumidwe, dulani mchombo pakatha mphindi 1 mpaka 3. Akapanda kulira, muvi wotsika ukuti: mufunditseni, yeretsani m'kamwa ndi m'mphuno ngati mwatsekeka, sisitani msana. Akapanda kupumabe, dulani mchombo n'kuyamba kupopa maulendo 40 pa mphindi.

4. Ikani nthawi ndi manambala. Kumanzere kwa pepala kokani mzere wofiira kuchokera pa "Wabadwa" kufika pa "Yamba kupopa", mulembepo masekondi 60. Pa funso la mtima lembani 100 pa mphindi, popeza kugunda kochepera apo n'kochedwa. Nambala yomwe simunaimve bwino musaiganizire, kaifunseni.

5. Tsekani mivi yobwerera. Ambiri amagwa apa. Amalemba "Popa mpweya" n'kudumphira pa mtima, osafunsa za chifuwa. Chifuwa chikapanda kukwera ndiye kuti mpweya sukulowa m'mapapo. Muvi wa "ayi" upite ku bokosi lokonza: ikaninso masiki bwino, wongolani mutu, yeretsani njira ya mpweya, tsegulani pakamwa pang'ono, finyani ambubagi mwamphamvu. Pochoka apo muvi ubwerere ku funso la chifuwa. "Itana thandizo" likhale ndi bokosi lakelake pamene mwana sakupumabe mutayamba kupopa. Mukamaliza, yendetsani chala pa muvi uliwonse. Mukapeza funso lokhala ndi muvi umodzi, kapena muvi wothera m'malere, mwasiya kanthu.

6. Yesani ndi pakamwa ndi manja. Vundikirani pepala, mujambule lina kuchokera m'mutu, ndipo muwafananize. Kenako pindani chitenje chikhale ngati khanda, mnzanu agwire wotchi n'kumayankha mafunso mosinthasintha: pano "akulira", pena "ali zii", pena "chifuwa sichikukwera". Pomwe mwadodoma, chongani ndi cholembera chofiira. Mawa muyambire pomwepo.

Musanayambe kuloweza, onetsani fulotchati yanu kwa aphunzitsi kapena kwa asisitala a kuwodi, ndipo muifananize ndi tchati yovomerezeka yomwe yapachikidwa kuchipinda chochilira. Zikasiyana, tsatirani yovomerezekayo ndi kukonza yanu. Dziwaninso malire ake: pepala limakukumbutsani chotsatira, koma kugwira masiki kuti mpweya usathawire m'mbali mudzakuphunzira pa chidole chophunzirira, aphunzitsi akuyang'ana.