Lisiti ya chopereka: mafunso ndi mayankho kwa asungichuma a ku Zingwangwa

Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, matope ndi miyala zidakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phirilo, ndipo anthu ochuluka adathawira ku sukulu monga ya Manja ndi ya Naotcha. Zingwangwa ndi dera loyandikana nawo. Mipingo, magulu a amayi ndi makomiti a m'madera adayamba kulandira ufa, zovala, mabulangete ndi ndalama zoti akapereke kwa ovutikawo. Pa nthawi ngati imeneyo, dzanja limafulumira kulandira kuposa kulemba. Mafunso ali m'munsiwa ndi a msungichuma amene akufuna kuti m'mawa mwake akathe kufotokoza za tambala iliyonse.

Kodi kuthokoza pakamwa sikukwanira?

Pamaliro ndi pomwe pamaoneka kuti Amalawi nkhaniyi adaidziwa kalekale. Chipepeso chikabwera, wina amakhala ndi kope kulemba dzina ndi ndalama, kenako zimalengezedwa pamaso pa anthu, mwambo usanathe. Palibe amaona ngati kukayikirana. Vuto lake ndi lakuti kopelo limatsala mbali imodzi yokha. Lisiti imasiya umboni mbali zonse ziwiri: pepala lapamwamba limapita ndi wopereka, la kaboni limatsala m'buku la gulu. Mkangano ukadzabuka pakapita miyezi, mapepala awiriwo amayalidwa patebulo, ndipo amayenera kunena zofanana.

Pa lisiti palembedwe chiyani?

Tiyerekeze kuti mwana wa mumpingo wina wa ku Zingwangwa, amene akugwira ntchito ku Joni, watumiza K150,000 kudzera kwa mayi ake, nati ndalamayo igulire malata mabanja atatu amene nyumba zawo zidagwa. Mayiwo afika nayo kwa msungichuma Lamulungu pambuyo pa mapemphero.

Msungichuma ayambe wawerenga ndalamayo mayiwo akuona. Akatero atsegule buku la malisiti lokhala ndi manambala otsatizana, alowetse kaboni, ndipo alembe tsiku limene ndalama yafika m'manja mwake, osati tsiku limene idatumizidwa ku Joni. Mwezi aulembe m'mawu, monga 26 Malichi 2023, chifukwa nambala 3 sichedwa kusanduka 8. Dzina likhale la mwini choperekacho, ndipo pambali pake alembe kuti chadzera mwa mayi ake. Ndalama ilembedwe kawiri, m'manambala ndi m'mawu, ndipo akoke mzere pamalo otsala. Kutsogolo kwa K150,000 munthu wosakhulupirika angaike nambala ina, koma sangasinthe mawu popanda kufufuta koonekera. Pomaliza msungichuma asaine, adinde chidindo cha mpingo, ang'ambe lapamwamba lokha.

Nanga cholinga cha choperekacho n'chofunikiranji, poti ndalama yalembedwa kale?

Mzere umenewu ndi umene asungichuma ambiri amaupeputsa, chonsecho ndi umene umamanga komiti. Wolemba mofulumira amangoti "thandizo" kapena "chopereka". Mawu otere amatsegula khomo lililonse. Sabata yamawa bilu ya madzi ya kutchalitchi ikabwera, kapena galimoto yonyamula maliro ikafunika, komiti idzati ndalama ilipo m'thumba, tibwerekeko kaye. Palibe waba, koma mabanja atatu aja akugonabe m'kalasi.

Lisiti ya mwana wa ku Joni uja iyenera kunena momveka kuti: kugula malata a mabanja atatu amene nyumba zawo zidagwa ndi namondwe wa Freddy. Ikatero, ndalamayo yapatulika. M'buku la chuma ikhale ndi tsamba lakelake, ndipo lisiti ya kusitolo kumene malata agulidwa imatidwe pa tsamba lomwelo, pamodzi ndi masaini kapena zidindo za chala za mabanja olandira.

Wopereka akanena kuti komiti ione yokha pogwiritsa ntchito, zimenezonso zilembedwe: ntchito iliyonse ya mpingo. Msungichuma afunse ndithu, asaganizire.

Bwanji ngati ndalama yatsalako, kapena yachepa?

Ikatsala, monga K12,000 malata atagulidwa, mwini wake afunsidwe ngati angalole kuti igule misomali, ndipo yankho lake lilembedwe, ngakhale litabwera pa uthenga wa pafoni. Kuchepa nako kumachitika. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera. Ndalama imene idalandiridwa mwezi umenewu usanafike n'kungokhala m'bokosi sikadagulanso katundu yemwe uja. Apa tsiku la pa lisiti limayankhula: limaonetsa ngati komiti idakumana ndi kukwera kwa mitengo mwangozi, kapena idangogonera ndalama ya anthu.

Ndalama ikabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga wa pafoni si lisiti kale?

Uthengawo umanena ndalama, tsiku ndi nambala ya malondawo, koma sunena cholinga. Komanso kawirikawiri umagwera pafoni ya munthu mmodzi, momwe muli kale ndalama zake za ndiwo. Foni imabedwa, uthenga umafufutika. Choncho lisiti ya pepala ilembedwebe tsiku lomwelo, nambala ya malonda ija ikoperedwe pamenepo, ndipo wopereka atumiziridwe chithunzi chake.

Pali kamsampha pa chindapusa chotapira ndalama kwa ejenti. Ngati pafoni pafika K50,000, lisiti inene K50,000. Zimene zadulidwa potapa zilembedwe padera ngati ndalama yotuluka. Kulemba pa lisiti ndalama yotsala kumachititsa wopereka kuganiza kuti wina wadyapo.

Kodi ufa ndi zovala zimafunanso lisiti?

Kwambiri, chifukwa thumba la ufa limasowa msanga kuposa ndalama ya kubanki. Palembedwe chinthucho, kuchuluka kwake ndi muyeso: matumba 10 a ufa a makilogalamu 25, mabulangete 40 atsopano, belo imodzi ya kaunjika yosatsegula. Msungichuma asayerekeze mtengo wake m'makwacha pokhapokha woperekayo ataonetsa lisiti yogulira.

Wina walonjeza pa msonkhano wosonkhetsa ndalama. Apatsidwe lisiti?

Ayi. Lonjezo lilembedwe m'kope la mlembi. Lisiti imatuluka ndalama ikafika.

Msungichuma akalakwitsa polemba atani?

Asafufute ndipo asang'ambe. Akoke mizere iwiri yopingasa, alembe kuti yathetsedwa, asiye pepala lapamwamba ndi la kaboni m'buku momwemo, ayambe lotsatira. Wofufuza mabuku amayamba ndi manambala. Akapeza 41 kenako 43, funso lake loyamba ndi la 42. Zizindikiro zina zoti zinthu sizili bwino ndi kaboni wolembedwa ndi bolopeni mwachindunji, masiku obwerera m'mbuyo pamene manambala akupita m'tsogolo, ndi mabuku awiri ogwiritsidwa ntchito nthawi imodzi. N'chifukwa chake mabuku osayamba asungidwe ndi mlembi kapena wapampando, ndipo mwezi ukatha anthu awiri aphatikize makaboni onse n'kufananiza ndi zimene zalowa kubanki.

Kodi zonsezi sizongotopetsa anthu ongodzipereka?

Chaka cha 2021 chidaonetsa mbali zonse ziwiri. Kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya boma yolimbanirana ndi Covid-19 adapeza ndalama zambiri zosafotokozeka bwino, ndipo anthu adakwiya. Chaka chomwecho Stanley Onjezani Kenani ndi anzake adasonkhetsa ndalama kwa anthu wamba zogulira zipangizo za m'zipatala, akumalengeza poyera zimene zalowa ndi zimene zagulidwa, ndipo anthu adapitiriza kupereka.

Kwa wopereka aliyense wa ku Zingwangwa, pempho ndi ili: asachoke patebulo la msungichuma asanawerenge lisiti yake, ndipo ngati mzere wa cholinga uli wopanda kanthu, apemphe kuti ulembedwe iye ali pomwepo.