Kafilimu Kokopa Anthu Kosaulula Mathero

Filimu isanatuluke, akonzi amadulako kafilimu kakafupi kotchedwa tirela. Ntchito yake ndi kupatsa anthu chidwi popanda kuwauza mmene nkhani ikuthera.

Chitsanzo chabwino ndi filimu ya *The Boy Who Harnessed the Wind*, imene inatuluka mu 2019. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, ndipo imasimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi. Filimuyi ndi ya mphindi 113, koma tirela ikufunika mphindi 2 zokha, amene ali masekondi 120.

Mkonzi amayamba waonera filimu yonse, cholembera chili m'manja. Amafunafuna funso lalikulu la nkhaniyo. Pano dzina la filimu laulula kale kuti mnyamatayo anagwiritsa ntchito mphepo, choncho chinsinsi sichili pamenepo. Funso lenileni ndi ili: kodi bambo ake adzalola kuti njinga yawo, imene banja limadalira, iphwasulidwe kuti apangire makina amphepo?

Masekondi 30 oyamba angaonetse mudzi, sukulu ndi William akukonza wailesi. Masekondi 50 otsatira angaonetse mavuto: wachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi, minda yauma ndipo njala yavuta. Masekondi 30 ena akhale a William akuwerenga mulaibulale, akutola zitsulo zotayidwa, kenaka akupempha njinga. Bambo ake akukana mokalipa. Mkonzi waluso amadulira pomwepo, omvera mtima uli m'mwamba. Masekondi 10 otsala ndi a dzina la filimu.

Povuta ndi pa tinthu ting'onoting'ono. Mkonzi akhoza kubisa bwino chithunzi cha madzi akutuluka m'paipi, koma n'kuiwala kuti chithunzi china chili ndi mbali ya njinga pamwamba pa nsanja. Woonera watcheru adziwiratu kuti bambo aja anavomera. Mbewu zobiriwira zikaoneka pambuyo pa minda youma, nazonso zaulula kuti madzi anapezeka. Ngakhale nyimbo yachisangalalo imatha kuulula. Sekondi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi 24, ndipo munthu woonera pafoni akhoza kuimitsa kanema n'kuyang'anitsitsa chimodzi. N'chifukwa chake ndi bwino kusatengako kanthu kuchigawo chomaliza, ngakhale zithunzi zokongola kwambiri zili kumeneko.

Akamaliza, mkonzi amaonetsa tirelayo kwa munthu amene sanaonerepo filimuyo, namufunsa kuti, “Kodi nkhaniyi ikuthera pati?” Akayankha molondola ndi kutchula chithunzi chimene chamuuza, chithunzicho chichotsedwe. Akalephera ngakhale kunena vuto la William, ndiye kuti mkonzi wabisa zambiri.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani mbali ya njinga pansanja siyenera kuoneka mutirela?
2. Sankhani nthano ya Kalulu imene mumaidziwa. Jambulani zithunzi zinayi za tirela yake. Anzanu aone ngati mwaulula mathero.