Phunziro: Kulondola nambala imodzi m'malogi pamene ntchito yasokonekera

Munthu akadina batani lolipirira katundu pa intaneti, pempho lake silithera pa pulogalamu imodzi. Limafika koyamba pa pulogalamu ya pakhomo, yomwe imalandira aliyense. Iyo imalipereka kwa pulogalamu ya maoda, ya maoda nayo imaitana ya malipiro, ndipo ya malipiro imakafunsa ku detabesi, kumene zonse zimasungidwa. Pulogalamu iliyonse mwa izi imalemba zimene yachita m'kaundula wakewake, mzere ndi mzere. Kaundulayu amatchedwa logi. Vuto likagwa, makasitomala ali kudandaula, mainjiniya ambiri amathamangira kutsegula malogi onse n'kuyamba kusaka mawu akuti `ERROR`. Njira imeneyi imataya nthawi. Yofulumira ndi kutenga pempho limodzi lolephera, kupeza nambala yake, n'kuilondola kuchokera pakhomo mpaka pamene yathera.

Nambalayi imagwira ntchito ngati buku la kuchipatala. Wodwala amadutsa polembetsa, kwa dokotala, kokayezetsa magazi ndi kolandirira mankhwala, koma buku ndi limodzi, ndipo ndilo limagwirizanitsa zonse zimene zamuchitikira. Pa kompyuta, pulogalamu ya pakhomo imapanga nambala yosafanana ndi ina iliyonse pempho likangofika, n'kuiika pamutu pa pempholo, kawirikawiri pa dzina lakuti `X-Request-ID` kapena `X-Correlation-ID`. Seva ya `nginx` ili nayo kale nambala yotere, yotchedwa `$request_id`, ya zilembo ndi manambala 32. Udindo wa pulogalamu iliyonse yotsatira ndi wa mbali ziwiri: kulemba nambalayo pa mzere uliwonse wa logi yake, ndi kuipereka kwa pulogalamu imene ikuitana. Ikaiwala chimodzi mwa ziwirizi, njira imadukira pomwepo.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo. Sitolo ina ya pa intaneti yayamba kukana malipiro, ndipo logi ya pakhomo yadzaza ndi `504`, nambala yotanthauza kuti pulogalamuyo yadikira yankho mpaka kutopa. Injiniya asankha mzere umodzi wa `504`, akopera nambala yake (pano taifupikitsa), n'kulemba lamulo ili:

```
grep -h 7f3a9c gateway.log orders.log payments.log | sort
```

Lamulo la `grep` limatola mizere yokhayo yokhala ndi nambalayo. Kachizindikiro ka `-h` kamachotsa dzina la fayilo kumayambiriro kwa mzere, kuti `sort` asanje mizereyo potsata nthawi. Pa mizere masauzande ambirimbiri patsala isanu yokha:

```
08:14:02.110 gateway  7f3a9c POST /checkout
08:14:02.118 orders   7f3a9c calling payments
08:14:02.125 payments 7f3a9c waiting for db connection
08:14:12.111 gateway  7f3a9c 504 upstream timed out
08:14:32.126 payments 7f3a9c ERROR connection timeout
```

Powerenga, musathamangire mawu. Yang'anani kaye nthawi ya kumanzere. Mizere itatu yoyamba yachitika m'kaphindi, sekondi imodzi isanathe n'komwe. Kenaka padutsa masekondi 10 popanda cholembedwa chilichonse, ndipo mpata umenewu ndiwo umboni waukulu. Wolankhula womaliza mpata usanayambe ndi pulogalamu ya malipiro, imene yanena kuti ikudikira njira yolumikizira ku detabesi. Pulogalamu ya pakhomo, yomwe yafuula kwambiri ndi `504`, ilibe mlandu; inaikidwa kuti izidikira masekondi 10 basi, ndipo yachita zimene inauzidwa. Onaninso mzere womaliza. Pulogalamu ya malipiro yalemba `ERROR` yake patapita masekondi 20 kasitomala atakanidwa kale, chifukwa iyo imadikira masekondi 30. Funso tsopano lachepa kwambiri: n'chiyani chagwira njira zonse zolumikizira ku detabesi osazibweza?

Wina anganene kuti nthawi payokha ndi yokwanira, kuti munthu akhoza kungotsegula malogi onse pa 08:14 n'kuwerenga. Chitsanzo chathu chayankha kale mbali imodzi, pakuti wosaka cholakwa chimene chinachitika `504` isanabwere sakanachipeza, popeza chinalembedwa pambuyo pake. Mbali ina ndi kuchuluka kwa anthu. Ngati mapempho 200 akulowa pa sekondi iliyonse, mizere yawo imalukanalukana, ndipo mizere iwiri yoyandikana ikhoza kukhala ya makasitomala awiri osadziwana. Mawotchi a maseva nawonso sagwirizana ndendende. Seva ina ikhoza kutsogola pang'ono, yankho n'kuoneka ngati labwera funso lisanafunsidwe. Ndipo seva yolemba nthawi ya `UTC` imasiyana maola awiri ndi yolemba nthawi ya ku Malawi, moti chinthu chimodzi chimaoneka pa 08:14 kwina ndi pa 10:14 kwina. Nthawi imathandiza kusanja mizere imene nambala yasonkhanitsa kale, koma siingakuuzeni kuti mzere uwu ndi wa yani.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa apa, ndipo n'choona: pempho limodzi silingaimire onse. Mwina limene mwasankha lalephera pa chifukwa chakechake, monga khadi yotha ntchito. Yankho si kusiya njirayi koma kuibwereza. Tengani mapempho ena awiri kapena atatu olephera muone ngati onse akuima pamalo amodzi. Kenaka tengani limodzi limene linayenda bwino vuto lisanayambe, muliike pambali pa lolepheralo. Mzere umene uli pa labwino koma ukusowa pa lolephera ukuonetsani pamene zinthu zapatukira. Chenjeraninso ndi mapulogalamu amene amayesanso okha akalephera. Nambala imodzi ikaoneka katatu mu logi ya malipiro, sikuti makasitomala atatu alephera, koma pulogalamu ya maoda yagogoda katatu, ndipo kugogodako kumaonjezera katundu pa pulogalamu yolemedwa kale.

Nanga nambala ikasowa pakati pa njira? Izi zimachitika kawirikawiri pamene pulogalamu siitana inzake mwachindunji koma imasiya uthenga pamzere wodikirira, monga wa `Kafka` kapena `RabbitMQ`, kuti ina idzautenge nthawi ina. Ngati wolemba pulogalamu sanaike nambala pa uthengawo, woutenga amayamba ndi nambala yatsopano kapena alibe n'komwe. Apa musafulumire kunena kuti pempho silinafike. Sakani mu logi yotsatirayo ndi chinthu china chimene mbali zonse zimalemba, monga nambala ya oda. Mukachipeza, ndiye kuti pempho linafika ndithu, yotayika ndi nambala yolondolera yokha. Tengani yatsopanoyo mupitirize. Mukapanda kuchipeza, kayang'aneni ngati uthengawo ukadali pamzere.

Kusiyana kwa mayina a nambalazi kunavutitsa anthu mpaka bungwe la W3C linavomereza njira imodzi mu 2020, ya mutu wotchedwa `traceparent`. Uli ndi zigawo zinayi zolekanitsidwa ndi kamzere. Chigawo chachiwiri, cha zilembo ndi manambala 32, sichisintha ulendo wonse. Chachitatu, cha 16, chimasintha pempho likamadutsa pa pulogalamu iliyonse. Amene akopera mutu wonse n'kusaka nawo amapeza mizere yochepa, n'kuganiza molakwa kuti njira yaduka. Posaka, koperani chigawo chachiwiri chokha.